Mphindi 50 zimene tinawakhazika pansi

Pali phokoso limene silinandichokerebe m'makutu. Silinali lalikulu ayi. Ine ndinali cha pa mamita 10 kuchokera pamene linamvekera, nditagwira wotchi m'manja, ndipo mwina chimene ndinamva kwenikweni ndi kukuwa kwa mwana amene anavulalayo, koma iye pofotokoza pambuyo pake anati anamva kuti "thi" m'thako mwake ngati ulusi waduka. Kuchokera tsiku limenelo, ndikaona mwana akuliyatsa liwiro pabwalo, phokoso limenelo limandibwerera.

Ndine mphunzitsi woyang'anira zamasewero, ndipo chaka chilichonse pa tsiku la masewero ndimapatsidwa mpata wolankhula kwa ophunzira mipikisano isanayambe. Kwa zaka zingapo mawu anga ankakhala omwewo: tenthetsani thupi musanathamange, muliziziritse mukamaliza, mumwe madzi. Mawu oona, koma ndinkangowatchula ngati mmene munthu amawerengera mayina m'kaundula. Chaka chatha ndinazindikira kuti nthawi imene ndinkawalankhulira inkawononga chinthu chomwecho chimene mawuwo ankalamula.

## Pa mamita 60

M'mawa umenewo kunali kamphepo kozizira. Ana tinawasonkhanitsa 8 koloko, ndipo ndinawatsogolera ndekha potenthetsa thupi. Tinazungulira bwalo kawiri, tinaweramuka n'kugwira zala zakumapazi, tinakoka ntchafu, aliyense anatuluka kathukuta pachipumi. Pofika 8:20 anali okonzeka ndithu. Kenako tinawauza kuti akhale pansi pa udzu, mwambo wotsegulira uyambe.

Analankhula oyamba, achiwiri, achitatu. Ine ndinali wachinayi, ndipo ndinatenga mphindi zoposa 10 ndikufotokoza ubwino wotenthetsa thupi kwa ana amene anali atapinda miyendo pa udzu wa mame, ena atabisa manja m'khwapa. Pamene wezulo woyamba ankalira inali 9:10. Mpikisano woyamba pandandanda unali wa mamita 100, anyamata.

Mumzere wachitatu munali mnyamata wa zaka 14, amene chaka chimenecho anali atatalika mofulumira kwambiri moti kabudula wake wa masewero anali atamuchepera. Ananyamuka bwino. Pa mamita 50 anali patsogolo. Cha pa mamita 60 anadumpha modabwitsa, ngati waponda chinthu chotentha, dzanja lamanja linapita kumbuyo kukagwira pansi pa thako, anatsimphina kawiri n'kugwa chafufumimba.

Tinathamangira. Mnyamata wina wamkulu anali atafika kale, atanyamula mwendo wa mnzakeyo n'kuyamba kuukankhira m'mwamba, bondo lili chiwongokere, monga amachitira osewera mpira mnzawo minofu ikamukoka. Wovulalayo anakuwa kwambiri.

"Aphunzitsi, ayi! Asiye, asiye! Chaduka!"

"Usiye mwendowo," ndinatero. "Iwe, ndiuze, pakupweteka ndi pati? Loza ndi chala chimodzi."

Sanaloze pakati pa ntchafu. Analoza pamwamba penipeni, pa fupa limene munthu amakhalira.

## Chimene ekisire inaonetsa

Kumbuyo kwa ntchafu kuli minofu itatu yaitali. Imayambira pa fupa lokhalira lija, pansi pa thako, n'kutsika kukagwira mafupa a m'munsi mwa bondo. Ntchito yake ndi kupinda bondo komanso kukokera ntchafu kumbuyo. Munthu akamathamanga liwiro lake lonse, mwendo umaponyedwa kutsogolo mwamphamvu, ndipo phazi lisanagunde pansi minofu imeneyi iyenera kuugwira mwendowo kuti usapitirire. Ndiye kuti pa kanthawi kameneko mnofu ukutalikitsidwa uku ukukoka ndi mphamvu zake zonse. Ndi pamenepo pamene umakonda kung'ambika, ndipo n'chifukwa chake kuvulala kotereku kumachitika kwambiri munthu atafika pachimake pa liwiro, kusiyana ndi ponyamuka.

Kwa munthu wamkulu, chimene chimang'ambika ndi mnofuwo, nthawi zambiri pamene ukulumikizana ndi mtsempha wolimba umene umaumangirira ku fupa. Kwa mwana amene akukula nkhani ndi ina. Pamene mnofu wagwira fupa pamakhala kachigawo ka fupa kamene sikanamatirirebe ku fupa lalikulu, kolumikizidwa ndi chichereŵechereŵe chofewa. Kamamatirira munthu akamamaliza kukula. Pa zaka 13 mpaka 17, malo amenewo akhoza kukhala ofooka kuposa mnofu weniweniwo, moti mnofu ukakoka modzidzimutsa, umazula kachigawo ka fupako.

N'zimene zinachitikira mnyamata uja. Adokotala anationetsa chithunzi cha ekisire, ine ndi mayi ake: kachidutswa koyera, kooneka ngati chikhadabo, katapatuka pang'ono pa malo ake. Anati popeza sikanapite patali, sipafunika opaleshoni. Amaganizira za opaleshoni kachidutswako kakasuntha kwambiri, cha m'ma sentimita 2. Anamupatsa ndodo zoyendera kwa milungu ingapo, ndipo panapita pafupifupi miyezi itatu asanaloledwe kuthamanganso. M'kalasi ankakhalira thako limodzi, pa pilo.

Mayi ake sanandikalipire. Anangondifunsa kuti, "Kodi aphunzitsi, anawo sankayamba akonzekera?" Ndinayankha kuti anakonzekera. Yankholo linali loona, koma ndikutuluka m'chipatalamo ndinayamba kuwerenga mphindi zimene zinadutsa pakati pa 8:20 ndi 9:10.

Sindinganene kuti mwanayo akanakhala wotentha sakanavulala. Thupi limene likukula mofulumira lili ndi ngozi zakezake: mafupa amatalika, minofu n'kumatsalira, n'kukhala yokungika. Chimene ndinganene n'chakuti mbali imene inali m'manja mwathu, ife akuluakulu, tinaitaya tokha.

## Kutentha kumatha

Mnofu wa munthu amene wangokhala umakhala wozizirirapo kusiyana ndi mkati mwa thupi. Mkatimo mumakhala madigiri 37, pamene mnofu wa ntchafu umakhala cha m'ma 35, ndipo kunja kukazizira umatsikirapo. Munthu akayamba kuthamanga pang'onopang'ono, m'mphindi 10 mpaka 15 mnofuwo umakwera ndi madigiri awiri kapena atatu. Kusiyanako kukuoneka kochepa, koma kwa mnofu n'kwakukulu. Mnofu wotentha umakoka msanga n'kumasukanso msanga, sulimbalimba poutambasula, ndipo uthenga wochokera ku ubongo umayenda mofulumirirapo m'mitsempha. Magazinso amasintha njira. Munthu akakhala phee, minofu imalandira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a magazi amene mtima ukupopa. Akamathamanga zolimba, imalandira oposa magawo anayi. Kusintha kumeneku kumafuna mphindi zingapo kuti timitsempha ting'onoting'ono ta mu mnofu titseguke.

Zonsezi ndinkazidziwa. Chimene sindinkachiganizira ndi mbali inayo: munthu akangosiya kuyenda, kutenthako kumayamba kuchoka pomwepo. Pakatha mphindi 15 mpaka 20 ali chikhalire, phindu lalikulu limakhala litapita, makamaka ngati miyendo ili pamtunda ndipo thukuta likuuma ndi mphepo. Pakatha mphindi 50, zili ngati sanatenthetse n'komwe. Choopsa n'chakuti m'mutu mwake mwanayo amadziwa kuti anakonzekera, ndiye amanyamuka ndi mtima wonse pa miyendo yozizira.

Nditamvetsa zimenezi ndinapita kwa ahedi ndi pempho limodzi: mwambo wotsegulira uzichitika kaye, kutenthetsa thupi kuzibwera pambuyo, ndipo gulu lililonse lizitenthetsa pa nthawi yakeyake malinga ndi mpikisano wake. Sizinali zophweka, chifukwa ndiye kuti pakufunika malo apadera kumbali kwa bwalo ndi mphunzitsi woimirira pamenepo tsiku lonse ndi ndandanda m'manja. Anavomera. Ndinapemphanso kuti mawu anga asapitirire mphindi zisanu, ndipo ana awamve ali chiimire.

## Zimene ndinawauza chaka chino

Ndinalemba mawuwo kangapo, ndikuchotsa. Amene anatsala ndi awa, monga ndikuwakumbukirira.

"Ana inu, imirirani nonse. Aliyense agwire kumbuyo kwa ntchafu yake. Mwamva mnofu umenewo? Tsopano kwezani dzanja mpaka mupeze fupa limene mumakhalira. Mnofuwo wagwira pamenepo. Pa msinkhu wanuwu, pamene wagwirapo sipanalimbe ngati pa munthu wamkulu. Mukaukoka modzidzimutsa uli wozizira, ukhoza kung'ambika, kapena kuzula pamene wagwirapo. Ambiri a inu munaona chaka chatha.

"Ndiye lero palibe amene athamange asanadutse pa ngodya iyo, pamene paima aphunzitsi a chipewa. Muzifika pamenepo kutatsala mphindi 25 kuti mpikisano wanu uyambe. Osati m'mawa uno nonse pamodzi, ayi. Wa 10 koloko nthawi yake, wa 12 koloko nthawi yake. Kutentha kwa mnofu sikusungika. Ukakhala pansi, kumachoka.

"Mudziwa bwanji kuti mwatentha? Kathukuta kayamba, mpweya ukukoka mozamirapo koma mukutha kulankhula ndi mnzanu, miyendo yapepuka. Ngati mukupuma wefuwefu, mwapitirira. Mphamvuzo zisungireni mpikisano.

"Ndipo mukadutsa mzere womaliza, musaime, musakhale pansi, musagone. Pitirizani kuyenda. Pali anzanu amene aima kuseri kwa mzerewo kuti ayende nanu. Chifukwa chake ndi ichi. Gwirani katumba wanu, kumbuyo kwa mwendo, pansi pa bondo. Imani pa zala zakumapazi, tsikani, imaninso. Mwamva akulimba? Nthawi iliyonse akalimba choncho, akufinya magazi kuwakankhira m'mwamba, kubwerera ku mtima. Mukaima chiriri mutangothamanga, kufinyako kumasiya, magazi amatsalira m'miyendo, kumutu kumachepa, mumaona mdima. Mukamayenda, akatumba amapitiriza ntchito yawo.

"Chomaliza. Mnzanu akagwa atagwira mwendo, musaukoke. Itanani mphunzitsi."

Ndinathera pamenepo. Zina zonse zinachitikira pa ngodya ija, ndipo kumeneko n'kumene kunali phunziro lenileni.

## Pa ngodya ya aphunzitsi a chipewa

Nditenge gulu limodzi kuti muone mmene zinkayendera. Atsikana a mamita 100 anali pandandanda 10:20. Anafika pa ngodya 9:55.

Mphindi zisanu zoyamba anathamanga pang'onopang'ono, liwiro loti munthu n'kumacheza. Cholinga apa ndi kutentha basi, ndipo ana othamanga kwambiri ndi amene amavuta, chifukwa amafuna kuonetsa liwiro nthawi isanakwane. Mphindi zisanu zotsatira zinali zotambasula thupi uku akuyenda. Anagwirana mapewa awiriawiri n'kumaponya mwendo kutsogolo ndi kumbuyo, maulendo 10 mwendo uliwonse, kuyambira pansi n'kumakweza pang'onopang'ono. Anayenda mamita 20 akukweza mawondo, n'kubwerera zidendene zikugunda kumatako. Kenako anayenda mapazi ataliatali, bondo lakumbuyo likutsika kufupi ndi pansi, masitepe 10.

Gawo lachitatu ndi limene chaka chatha kunalibiretu, ngakhale tisanawakhazike pansi paja, ndipo ine ndimaliona kuti ndi lofunika kuposa onse kwa wothamanga liwiro. Anathamanga mamita 40 kanayi. Ulendo woyamba theka la liwiro lawo, wachiwiri kuwonjezerako, wachitatu pafupifupi liwiro lonse, wachinayi chimodzimodzi koma ponyamuka ngati pa mpikisano. Pakati pa ulendo uliwonse ankabwerera akuyenda, osathamanga, kuti mpweya ubwerere. Kuzungulira bwalo pang'onopang'ono kumatenthetsa mnofu, koma sikuufikitsa pa utali ndi liwiro limene udzakumane nalo pa mamita 60. Mnofu wa kumbuyo kwa ntchafu uyenera kulawa kukokedwa kumeneko pang'ono, kenako kwambiri, usanapatsidwe konse. Mnyamata wa chaka chatha, ulendo wake woyamba wothamanga mwamphamvu tsiku limenelo unali mpikisano weniweniwo.

Pofika 10:12 anali atamaliza. Anavala majuzi ndi mabuluku awo, n'kumayendayenda kudikira kuitanidwa. Kuvala kumeneku ana amakuona ngati kosafunika dzuwa likawala, koma nsalu imachedwetsa kutentha kuchoka m'ntchafu.

Ndiye panachitika chimene chimachitika pa tsiku lililonse la masewero: ndandanda inachedwa. Panali mkangano wa amene anapambana mpikisano wam'mbuyo, ndipo 10:20 inasanduka 10:40. Lamulo limene tinagwirizana linali lakuti kuchedwa kukapitirira mphindi 15, gululo libwereze pang'ono. Sanayambirenso zonse. Anathamanga pang'onopang'ono mphindi ziwiri, n'kuchita maulendo awiri a mamita 40 aja. Zinatenga mphindi zosakwana zisanu.

## Nanga zogwira zala zakumapazi zija?

Mphunzitsi mnzanga, amene anayamba ntchito ine ndisanayambe, anandikokera pambali. "Achimwene, bwanji anawa sakukoka minofu? Ife tinakula tikudziwa kuti kukonzekera ndi kumeneko."

Anali ndi chifukwa chofunsira, poti inenso ndinaphunzitsa zomwezo zaka zambiri. Kukoka mnofu uli chiimire, n'kuugwira pamenepo osasuntha, kumathandiza kuti mfundo zizitha kupindika ndi kutambasuka kwambiri, makamaka ukamachita kawirikawiri kwa milungu. Koma sikutenthetsa mnofu, popeza munthu sakuyenda. Ndipo ukaugwira nthawi yaitali, kupitirira masekondi 60 pa mnofu umodzi, mphamvu yake yokoka mofulumira imatsikako kwa kanthawi, chinthu chimene wothamanga mamita 100 kapena wodumpha sachifuna. Kukoka kwa masekondi 15 kapena 20 sikuwononga kanthu, ndipo mwana amene akumva kuti penapake pakungika sindimuletsa, bola achite atatentha kale ndipo atsatize maulendo othamanga aja. Chimene ndinasiya ndi kuyesa kuti kukokako pakokha ndiye chitetezo.

Ndinamuuzanso za ndondomeko ya FIFA 11+, yotenthetsera thupi osewera mpira, imene imatenga pafupifupi mphindi 20 ndipo muli kuthamanga, kulimbitsa minofu, kuima ndi mwendo umodzi ndi kudumpha. Ataiyesa ku Norway pa atsikana osewera mpira a zaka 13 mpaka 17, zotsatira zimene zinatuluka mu 2008 zinaonetsa kuti kuvulala kunachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Koma atsikanawo ankaichita mobwerezabwereza nyengo yonse ya mpira, osati tsiku limodzi. Pamenepa pali malire a mawu anga a pa tsiku la masewero: mphindi 20 za m'mawa umodzi zimakonzekeretsa mnofu umene mwana ali nawo, koma siziupanga kukhala wamphamvu. Mwana amene chaka chonse sanathamangepo liwiro, n'kubwera kudzalimbirana ulemu wa gulu lake, amakhalabe pangozi ngakhale atenthetse bwino. N'chifukwa chake chaka chino maulendo a mamita 40 aja tinawayamba pa nthawi ya masewero kutatsala milungu isanu ndi umodzi.

## Kuseri kwa mzere womaliza

Kale, kuseri kwa mzere womaliza kunkakhala chipwirikiti. Wothamanga akangodutsa, anzake ankamukumbatira, olemba ankamugwira dzanja kuti aime pamzere wa oyamba, achiwiri, achitatu, ndipo ankaima pamenepo chiriri mpaka dzina lake lilembedwe. Chaka chilichonse pa mamita 400 ndi 800 pankakhala mmodzi kapena awiri ogwa, ndipo tinkati ndi njala kapena dzuwa.

Nthawi zina zimakhaladi zimenezo. Koma kawirikawiri chifukwa chake ndi chimene ndinauza ana chija. Pothamanga, mitsempha ya magazi ya m'miyendo imakhala yotseguka kwambiri. M'mitsempha yobwezera magazi ku mtima muli timavavu tolola magazi kupita m'mwamba mokha, ndipo chimene chimawakankha ndi kufinya kwa minofu. Munthu akaima mwadzidzidzi, mitsempha ikadali yotseguka koma chowakankha chasiya. Magazi obwerera ku mtima amachepa, kuthamanga kwa magazi kumatsika, ubongo umaperewera, ndiye chizungulire, mdima m'maso, mwinanso kukomoka.

Chaka chino tinasuntha tebulo la olemba kupita mamita 30 kutsogolo. Aliyense womaliza ankalandira kakhadi ka nambala yake akuyenda, ndipo mnzake ankayenda naye. Tinkafuna mphindi zisanu mpaka 10 zoyenda kapena kuthamanga pang'onopang'ono, mpaka munthu athe kulankhula chiganizo chonse osadukiza.

Mtsikana mmodzi wa mamita 800 anagwabe. Anadutsa mzere, anayenda masitepe angapo, anaima kuti agwire mawondo, kenako anafooka n'kutsetsereka m'manja mwa mnzake. Anzake ankafuna kumudzutsa kuti akhale tsonga. Ndinawaletsa. Tinamugoneka chagada pamthunzi, n'kukweza miyendo yake pa chikwama kuti ikhale pamwamba kuposa chifuwa. Ndinamufunsa dzina lake ndi mpikisano umene wathamanga, anayankha bwinobwino. Pasanathe mphindi zitatu nkhope inabwerera, ndipo patapita kanthawi anakhala tsonga n'kumwa madzi.

Mafunso awiri aja sindinkafunsa mwamwambo chabe. Wogwa chifukwa cha magazi otsalira m'miyendo amagwa atamaliza, amadziwa pamene ali, ndipo amachira msanga miyendo ikakwezedwa. Amene wagwa mpikisano uli mkati, amene akulankhula zosokonekera kapena sakuzindikira anzake, amene thupi lake latentha kwambiri, amene akudandaula pachifuwa, kapena amene sakusintha patapita mphindi zingapo, ameneyo vuto lake ndi lina ndipo akufunika achipatala msanga. Wotentha ndi wosokonezekayo muyambe kumuziziritsa ndi madzi pomwepo mukudikira. Amene sakuyankha ndipo sakupuma bwino, ndi nkhani ya mtima, ndipo kupopa pachifuwa kuyambe nthawi yomweyo. Aphunzitsi onse oima kuseri kwa mzere tinakambirana zimenezi dzulo lake.

## "Ndiye mawa sindimva kuwawa?"

Masana, mtsikana wina amene anali atangomaliza kuyenda mphindi zake 10 anandifunsa funso limene ndinkaliopa pang'ono.

"Aphunzitsi, ndiye poti ndaziziritsa thupi, mawa miyendo sindimva kuwawa?"

Zaka zam'mbuyomu ndikanati inde. Ndinkaphunzitsa kuti kuwawa kwa mawa lake kumabwera chifukwa cha lakitiki asidi, amene minofu imapanga ikamagwira ntchito mwamphamvu, akatsalira m'minofumo, ndipo kuziziritsa thupi kumamuchotsa. Theka lake ndi loona: kuyenda pang'onopang'ono kumafulumizitsadi kuchoka kwake m'magazi. Koma ngakhale munthu atangokhala, pakatha pafupifupi ola limodzi amakhala atabwerera pa mlingo wake. Kuwawa kuja kumayamba patapita maola ambiri, n'kufika pachimake pakati pa maola 24 ndi 72. Kumachokera ku timabala ting'onoting'ono kwambiri m'kati mwa mnofu ndi kutupa kumene kumatsatira pamene thupi likukonza, makamaka mnofu ukagwira ntchito imene sunazolowere, yokoka uku ukutalikitsidwa. Kuziziritsa thupi sikuletsa zimenezo kwenikweni.

"Udzamvabe," ndinamuuza. "Mwina mkuja kuposa mawa. Kuyenda kumene wayendaku n'kwa lero: kuti usagwe, mtima utsike bwino, ndiponso kuti miyendo ikhale yopepukirapo pa mpikisano wopatsirana kamtengo madzulo ano."

Anaoneka wokhumudwa pang'ono, koma ndinaona kuti ndi bwino adziwe. Mwana ukamulonjeza kuti sadzamva kuwawa, mawa lake n'kudzuka miyendo ili gwa, amataya chikhulupiriro pa zonse zimene unamuuza, ndi zoona zomwe.

Ndinamuuzanso mmene angasiyanitsire, ndipo Lolemba lake ndinabwereza m'makalasi onse. Kuwawa wamba kumakhala miyendo yonse iwiri, kofalikira, kumachepa ukayamba kuyenda, ndipo kumatha m'masiku ochepa. Kukokana kwa mnofu kumabwera mnofu n'kulimba ngati mwala, ndipo kumamasuka ukautambasula mofatsa. Kung'ambika kumakhala ndi mphindi yake imene munthu angaitchule, pamalo amodzi oloza ndi chala, mwendo umodzi, ndipo ukatambasula ululu umakula m'malo mochepa. Patapita masiku pamatha kuoneka kuda kwa magazi pansi pa khungu. Pamenepo osakoka, osasisita mwamphamvu: kupumitsa, kuika madzi oundana okulunga m'nsalu kwa mphindi 15 mpaka 20, ndi kupita kuchipatala ngati munthu sakutha kuponda kapena ululu uli pa fupa penipeni. Ndipo ngati minofu yawawa koopsa, yatupa, mkodzo n'kusanduka wakuda, kumeneko n'kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mnofu wowonongeka kwambiri umatulutsa zinthu zovulaza impso.

## Mumzere wachisanu

Mnyamata uja tsopano ali ndi zaka 15. Ndinkaganiza kuti sadzafunanso kuthamanga, koma dzina lake linali pa ndandanda ya mamita 200. Anafika pa ngodya ija nthawi isanakwane, atavala buluku lalitali ngakhale dzuwa linali litakwera. Ndinamuyang'ana akuchita maulendo a mamita 40. Woyamba ankaoneka kuti akumvetsera mwendo wake. Wachitatu anaumasula.

Atamaliza wachinayi anabwera pamene ndinaima.

"Aphunzitsi, ndingawonjezere umodzi? Wakumanjawu sunafike."

Ndinayang'ana wotchi. Kunali kutatsala mphindi zisanu ndi zinayi.

"Wonjezera. Ubwerere ukuyenda, ukavale juzi."

Anathamanga mumzere wachisanu, ndipo anamaliza wachitatu. Ine sindinaone bwino amene anapambana, chifukwa maso anga anali pa dzanja lake lamanja kuyambira pokhota mpaka pa mzere. Silinapite kumbuyo. Anadutsa mzerewo, analandira kakhadi kake, n'kupitiriza kuyenda cha ku tebulo la olemba, mnzake ali pambali pake.